Ntchito ya mawu ochepa si yotchipa

"Kalata ya tsamba limodzi chabe, ndiwerengere mawu n'kutchula mtengo, si choncho?" anafunsa mlongo wanga wa ku Ulongwe.

Ayi achemwali, pamenepo mudzadzidyera masuku pamutu nokha. Kuwerenga mawu kumathandiza pomasulira Chipwitikizi m'Chichewa, poti mawuwo alipo kale. Koma kalata yopempha thandizo la kalabu ya alimi a mbatatesi ku Tsangano, mawu 300 okha, ingakudyereni maola 6: kukwera chapa, kufunsa atcheya, kulemba, kukonza. Ngati ola lanu mumaliyesa metikali 200, ntchitoyo ndi 1,200. Mukatchula metikali imodzi pa liwu mulandira 300, ya chapa isanachotsedwe.

Maolawo werengani mumtima, eni kalatawo muwauze mtengo umodzi wa ntchito yonse. Munenerenso kuti kukonza n'kawiri basi, poti atcheya sachedwa kukumbukira zina kalata italembedwa kale.