Kapamba Wosaphwa mwa Mwana: Musatemere Mphini, Bwererani Kuchipatala

Makolo ndi olera ana, uthenga uno ndi wokhudza mwana amene mimba yake ikukulirakulira, mukamugwira kumanzere pansi pa nthiti mukumva chinthu cholimba, magazi amangomuchepera, koma akamuyeza malungo sakupezeka. Tonse tinazolowera kuti kapamba akatupa ndiye kuti ndi malungo, ndipo nthawi zambiri zimakhaladi choncho. Likodzo, siko selo ndi khansa ya m'magazi nazonso zimatupitsa kapamba. Koma pali gulu lina la matenda obadwa nawo, osowa ndithu, monga matenda a Gaucher, limene limabisala kuseri kwa malungo kwa zaka. Zaka zimenezo mwana amakhala akumwetsedwa LA wogula pagolosale ndiponso kutemeredwa mphini pamimba. Mphinizo ndi zimene zikutidetsa nkhawa.

Gwero la vutoli lili m'kati mwa selo. Thupi lathu linapangidwa ndi maselo, ndipo m'selo muli tiziwalo timene timatha ntchito n'kukalamba, monga maitokondiriya amene amapanga mphamvu. Kachiwalo kakatha ntchito, selo imakakuta ndi kachikopa ka magawo awiri n'kupita nako ku kathumba kotchedwa laisosomu. Timatumba tiwirito timalumikizana, ndipo zakuthazo zimagwera m'madzi a asidi mmene muli maenzaimu oposa 50. Enzaimu iliyonse ili ndi chake chimene imaphwanya: ina mafuta a mtundu wakutiwakuti, ina shuga wosungidwa, ina mapuloteni. Zophwanyidwazo zimabwerera m'selo kukamangira zatsopano. Ntchito imeneyi imatchedwa otofaje, ndipo Yoshinori Ohsumi wa ku Japan analandira mphoto ya Nobel mu 2016 chifukwa chofotokoza mmene imayendera.

Mwana akabadwa enzaimu imodzi ili yosowa kapena yofooka, zimakhala ngati chigayo chafa koma anthu akubwerabe ndi matumba a chimanga. Chinthu chimene enzaimuyo imayenera kuphwanya chimangounjikana, malaisosomu amafufuma, selo imatupa, kenako chiwalo chonse chimatupa. Ngakhale maitokondiriya akutha amasowa kowatayira, ndipo amatsalira m'selo n'kumaiwononga. Matenda otere alipo oposa 50.

Amene amasokonezeka kwambiri ndi malungo ndi matenda a Gaucher, amene dokotala wa ku France, Philippe Gaucher, anawafotokoza mu 1882. Selo yofiira ya magazi imakhala masiku pafupifupi 120, ndipo ikakalamba imamezedwa ndi maselo odya zinyalala amene achuluka m'kapamba, m'chiwindi ndi m'mafuta a m'mafupa. Chikopa cha maselo akale a magazi chili ndi mafuta amene amafuna enzaimu yotchedwa gulukoselebulosidesi kuti aphwanyike. Mwana wa Gaucher enzaimuyi imamuperewera, choncho tsiku lililonse maselo odya aja amameza mafuta amene sangawagaye. Kapamba amatha kukula kuposa kakhumi. Kapamba wamkulu chotero amatsekera magazi m'kati mwake, pamene kumafupa nako maselo odzaza mafuta aja alanda malo opangira magazi atsopano.

Apa ndi pamene mphini zimaopsa. Mwa zimene zimachepa m'magazi muli mapulateleti, tinthu timene timaundanitsa magazi munthu akavulala. Munthu wabwinobwino amakhala nawo osachepera 150,000 pa maikulolita imodzi, koma mwana uyu amatha kutsika kutali ndi pamenepo. Lezala ikadutsa pakhungu lake magazi amachedwa kuleka, chonsecho ndi mwana amene magazi ndi ochepa kale. Ndipo palibe chimene mphini ingatulutse. Mafutawo sali pansi pa khungu, ali m'kati mwa maselo, m'timatumba tosaoneka ndi maso. Kukanda kapena kutsinikiza mimbayo nakonso ayi: kapamba wotupa amakhala watuluka kunsi kwa nthiti zimene zimamuteteza, ndipo akhoza kung'ambika n'kutaya magazi m'mimba.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Buku lake la kuchipatala likuonetsa kuti anapatsidwa LA kangapo, ulendo wina malungo atapezekadi, maulendo ena ayi. Mankhwala owonjezera magazi anamwa miyezi yambiri osasintha. Ndi wamfupi kuposa anzake a m'kalasi, satha kuthamanga, amatuluka kamfuno pafupipafupi, ndipo miyendo yake ili ndi mabanga ngati wamenyedwa pamene sanagwe. Usiku wina amalira kuti fupa la ntchafu likuwawa, osalola kuti mumukhudze. Pamimba kumanzere pali mizere ya mphini, ina yakale ina yatsopano. Chizindikiro chilichonse pachokha chili ndi poonekera pena, n'chifukwa chake mwana wotere amazungulira zaka. Koma kapamba wa malungo amaphwa pang'onopang'ono munthu akalandira mankhwala oyenera kwa miyezi ingapo. Wa mwana uyu sakuphwa, akukulabe, ndipo chiwindi nacho chatupa.

Mukaona zotere bwererani kuchipatala ndi buku lomwelo, musagule latsopano. Buku lakale lija, ngakhale lathothoka masamba, ndi limene limaonetsa dokotala kuti vutoli ndi lakale ndipo mankhwala a malungo analephera. Nenani poyera kuti mimba sikuphwa, ndipo ngati munapita kwa asing'anga nenaninso, chifukwa dokotala ayenera kudziwa ngati magazi anavuta kuleka. Nenani ngati m'banjamo munamwalirapo mwana wa mimba yotupa, komanso ngati bambo ndi mayi muli pachibale. Pemphani kuti ayeze magazi onse, osati malungo okha, ndipo ngati chifukwa sichikuoneka, pemphani kalata yopita kuchipatala chachikulu. Kumeneko adzayamba ndi matenda ofala, makamaka khansa ya m'magazi, imene siifuna kuchedwa ngakhale sabata imodzi. Chotsimikizira Gaucher ndi kuyeza mphamvu ya enzaimu ija, ndipo madontho a magazi oumitsidwa pakapepala, ofanana ndi amene amatenga kwa makanda poyeza HIV, akhoza kutumizidwa ku labotale yakutali.

Matenda a Gaucher si opatsirana ndipo si kulodzedwa. Mwana amadwala pokhapokha atalandira jini yolakwika, kutanthauza kachidutswa ka malangizo a chibadwa a m'selo, kuchokera kwa makolo onse awiri, amene iwo eni amakhala athanzi osadziwa kanthu. Pa mimba iliyonse ya banja lotere pali mwayi umodzi mwa inayi kuti mwana adwale. Choncho achibale a kuchimuna asaloze chala mayi yekha.

Thandizo lilipo, koma tisanamizane. Kuyambira 1991 pali enzaimu yopangidwa imene amapereka m'diripu, kawirikawiri pa milungu iwiri iliyonse, moyo wonse. Imaphwetsa kapamba ndipo magazi amabwerera, koma ndi yodula zedi, ndiponso siilowa mu ubongo, choncho siichiza mtundu wa Gaucher umene umagwira ubongo wa makanda. Fupa likawonongeka kale silibwerera, n'chifukwa chake chaka chilichonse chotayidwa pa mphini chili ndi mtengo wake. Ngakhale kumene mankhwalawa sapezeka, kudziwa dzina la matenda kumapewetsa kuchotsa kapamba mwachisawawa, kumene kumakankhira mafuta aja ku chiwindi ndi kumafupa.

Pali anthu amene akufalitsa kuti kusala kudya kumayeretsa maselo, ndiye kumachiza matenda onse. N'zoona kuti njala imafulumizitsa otofaje, koma njala siingabweretse enzaimu imene mwana anabadwa alibe. Musamusalitse mwana wodwala. Akayera m'manja ndi m'maso, akamapuma mwabefu, magazi akakana kuleka, kapena mimba ikayamba kuwawa mwadzidzidzi atagwa, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale ndi usiku.