Kampani sinalakwe kanthu, nanga sheya yatsikiranji?

Banki yaikulu ikakweza chiwongoladzanja, chomwe yakhudza ndi chimodzi chokha: mtengo umene mabanki wamba amalipira pobwereka ndalama kwa masiku ochepa. Zina zonse zimangotsatira, ndipo sizifika tsiku limodzi.

Oyamba kumva kuwawa ndi amene ngongole yawo ili ndi chiwongoladzanja chosinthasintha. Tiyerekeze kampani imene inakongola madola 1,000 pa 8 peresenti. Chikafika pa 10, madola 80 amene inkalipira pachaka amakhala 100. Pomva, 2 peresenti ndi kanthu kochepa, koma ndalama yolipira yakwera ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Amene anasainira chiwongoladzanja chokhazikika amagona tulo, mpaka tsiku limene adzafune ngongole yatsopano.

Za masheya n'zimene zimasokoneza anthu ambiri. Pogula sheya, mukugula phindu la m'tsogolo, ndiye mumaliyerekeza ndi zimene mukanapeza pokongoza boma, komwe chiopsezo n'chochepa. Tinene kuti sheya imakupatsani madola 10 chaka chilichonse, osasintha. Ngati boma likupereka 5 peresenti, inu mufuna 10, popeza kampani ikhoza kugwa. Ndiye mungaigule pa madola 100. Boma likayamba kupereka 7, inu mufuna 12, ndipo madola 10 omwe aja sangakupatseni 12 peresenti pokhapokha mutagula sheyayo pa madola 83. Katundu akugulidwa monga kale, antchito ndi omwewo, koma mtengo watsika ndi madola 17. Apa sitinawerengere ngongole ya kampani ija, imene ikudyanso phindu.

Amene zimawavuta kwambiri ndi makampani amene phindu lawo likadali patali, la zaka khumi zikubwerazo, chifukwa kudikira kumadula chiwongoladzanja chikakwera. Zinaoneka ku Amerika, kumene banki yaikulu inachikweza kuchoka pafupi ndi 0 mu Malichi 2022 kufika kupyola 5 peresenti mu 2023. Mu 2022 masheya a makampani akuluakulu 500 anatsika ndi pafupifupi 19 peresenti, pomwe pamsika wodzaza ndi makampani a zaukadaulo anatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Chimene ndimachenjeza n'chakuti musaweruze potengera tsiku lolengeza. Ogula ndi ogulitsa amakhala atayamba kale kulosera, mitengo n'kusintha milungu ingapo msonkhano usanachitike. Ngati amayembekezera kuti chikwera ndi theka la peresenti, banki n'kukweza ndi kota yokha, masheya akhoza kukwera tsiku lomwelo. Kutsitsa nakonso sikuti nthawi zonse n'chimwemwe: banki ikatsitsa mwadzidzidzi, anthu amafunsa kuti yaona chiyani pachuma, ndipo ena amathamangira kugulitsa.