Mmene databesi imasankhira pakati pa indekisi ndi kuwerenga tebulo lonse

Funso la SQL limangonena mizere imene mukufuna, silinena njira yoipezera. Njirayo imasankhidwa ndi pulana, gawo la databesi limene limayerekeza njira zingapo n'kutenga yotchipa. Pulana siwerenga tebulo posankha. Imadalira ziwerengero zimene inasunga kale.

Mu PostgreSQL, ziwerengerozi zimatoleredwa ndi lamulo la `ANALYZE`. Mukapanda kusintha chilichonse, limatapa mizere 30,000 mwachisawawa, n'kulemba zinthu zimene zimabwerezabwereza mu kolamu iliyonse komanso mmene zotsalazo zamwazikira. Zonsezi mungazione mu `pg_stats`.

Tiyerekeze tebulo la maoda la mizere 1,000,000 imene ili m'masamba 10,000 a pa disiki.

```sql
SELECT * FROM orders WHERE status = 'pending';
```

Mtengo umene pulana imawerengera si masekondi, ndi muyeso wongoyerekezera ntchito. Tsamba lowerengedwa motsatana ndi linzake ndi 1, tsamba lochita kulumphira ndi 4, kugwira mzere umodzi ndi 0.01, ndipo kuuyesa ngati ukuyenera ndi 0.0025. Choncho kuwerenga tebulo lonse ndi 10,000 ya masamba, 10,000 ya mizere ndi 2,500 yoyesera: zonse pamodzi 22,500.

Nanga indekisi, mndandanda wosanjidwa umene umaloza pamene mzere uliwonse uli? Apa nkhani yagona pa kuchuluka kwa mizere yoyenera. Ziwerengero zikati ilipo 1,000, yomwazikana uku ndi uku, pulana imaona kulumpha pafupifupi ka 1,000, mtengo wake cha pa 4,000, ndipo imatenga indekisi. Koma ikakhala 200,000, pafupifupi tsamba lililonse likhudzidwa ndithu, molumphalumphanso, ndiye mtengo ufika cha pa 40,000 kapena kuposerapo. Pamenepo kuwerenga tebulo lonse n'kotchipa kuposa kulumphalumpha koteroko, ndipo amene amadandaula kuti indekisi yawo yanyalanyazidwa nthawi zambiri amakhala akuilakwira pulana.

Vuto lenileni limabwera ziwerengero zikakalamba. Tinene kuti usiku mwalowetsa maoda 90,000 atsopano, onse a `pending`. `autovacuum`, gawo la PostgreSQL losamalira matebulo, imatoleranso ziwerengero yokha mizere yosinthidwa ikapitirira gawo limodzi mwa magawo 10 a tebulo, ndiye 90,000 siinafike. Pulana ikuganizabe za mizere ngati 1,000. Tebuloli likamalumikizidwa ndi lina, ingasankhe `Nested Loop`, imene imafufuza m'tebulo lachiwirilo kamodzi pa mzere uliwonse. Ka 1,000 n'kopepuka, koma ka 91,000 funso limayamba kukwawa, pomwe `Hash Join`, imene imawerenga tebulo lililonse kamodzi kokha, ikanatha msanga.

Kuti mugwire vutoli, ikani `EXPLAIN ANALYZE` patsogolo pa funsolo. Samalani, lamuloli limayendetsadi funsolo, choncho pa `DELETE` mizere ifufutikadi. Pa sitepe iliyonse muona `rows` kawiri: yoyamba ndi imene pulana inayembekezera, yachiwiri ndi imene inapezeka, ndipo iyi muichulukitse ndi `loops` mukafuna yonse pamodzi. Yambirani masitepe a mkati kwambiri, mupeze pamene manambala awiriwa ayambira kutalikirana kakhumi kapena kuposa. Kenako lembani `ANALYZE orders;` n'kuonanso pulaniyo musanaganize zowonjezera indekisi ina.