Kumasulira chidule cha kafukufuku wa nthaka osaononga manambala

Kuno ku Mchinji timalandira mapepala ambiri a kafukufuku wa nthaka, ena ochokera ku Chitedze ena ku Bunda ena kunja, ndipo alangizi ambiri sawerenga pepala lonse ayi, amangowerenga kachidule kapamwamba kaja kamene timati abusitirakiti, kenako wina nkuti tatiikireni mu Chichewa tikawerengere alimi otsogola ku Mkanda kapena kwa Kamwendo. Ine ntchito yanga ndi yoyeza dothi ndiye zoterezi zimandipeza pafupipafupi. Chimene ndaona nchakuti Chichewa chake anthu amachikhoza bwinobwino, pamene pamaonongeka ndi pa manambala ndi zizindikiro, makamaka womasulira akakhala wamtima wabwino wofuna kuwafewetsera anthu.

Tiyeni titenge chitsanzo. Manambala awa ndawapeka ndekha kuti tiphunzirirepo, si a kafukufuku wina aliyense, koma kalembedwe kake ndi kamene mudzakumane nako. Tinene kuti chidulecho chikukamba za soya, ndipo mkati mwa ziganizo za Chingerezi muli tinthu iti:

```
Glycine max (L.) Merr.
0–20 cm
pH (CaCl₂) 4.8 ± 0.2
Mehlich-3 P 9 mg kg⁻¹
20 kg P ha⁻¹
1.1 → 1.6 t ha⁻¹ (P < 0.05)
```

Ndisanalembe liwu ngakhale limodzi la Chichewa ndimayamba ndatulutsa tinthu timeneti nkutiika pambali monga mukuonera apa. Timeneti sitimasuliridwa, sititayipidwanso ndi zala, timangokopa nkumata basi. Chichewa chimabwera pozungulira. Ndiye chomasuliracho chimatuluka chonchi: Kafukufukuyu anayesa soya, Glycine max (L.) Merr., pa dothi lotengedwa pa kuya kwa 0–20 cm, lomwe pH (CaCl₂) yake inali 4.8 ± 0.2 ndipo Mehlich-3 P inali 9 mg kg⁻¹. Kuthira 20 kg P ha⁻¹ kunakweza zokolola kuchoka pa 1.1 kufika pa 1.6 t ha⁻¹ (P < 0.05).

Mwina mukuti aaa nanga mlimi amvapo chani pamenepa. Zoona, samva zonse. Koma kufotokozera kumabwera pansi pake, mu ndime yapadera imene aliyense akuona kuti awa ndi mawu a womasulira, osati kulowetsa mkati mwa chidulecho ngati ananena ndi ofufuza.

Pamene ndikufuna tikhalitsepo ndi pa 20 kg P ha⁻¹, chifukwa apa mpamene munthu amaluza ndalama zenizeni. P ameneyu ndi fosifolasi yekhayekha, si feteleza. Munthu akalemba kuti "anathira makilo 20 a feteleza pa hekitala" zimamveka bwino mkhutu, koma wanama kwambiri. Tiwerengere limodzi. Tengani feteleza wokulitsa uja tinazolowera wa 23:21:0+4S. Nambala 21 ija sikutanthauza kuti mwa makilo 100 muli makilo 21 a P ayi, pa matumba a feteleza fosifolasi amalembedwa ngati P₂O₅, ndipo kuti muchoke pa P kupita pa P₂O₅ mumachulukitsa ndi 2.29. Ndiye 20 kg P ndi pafupifupi 46 kg P₂O₅. Thumba limodzi la makilo 50 lili ndi 10.5 kg P₂O₅, kutanthauza kuti pakufunika matumba anayi ndi pafupifupi theka pa hekitala, makilo 218 kapena kuyandikira pamenepo. Womasulira uja wanena makilo 20, osakwana ndi theka la thumba lomwe. Mlimi akatsatira, wathira gawo limodzi mwa magawo khumi, soya osasintha, mawa azidzati alangizi ndi onama.

Palinso wina wodziwako pang'ono amene amati P ndi P₂O₅ nchimodzimodzi, nkusintha chizindikiro kuti chifanane ndi cha pa thumba. Ameneyo awerengera matumba awiri osakwana, pomwe akufunika anayi nkanthu. Cholakwa chake nchovuta kuchigwira chifukwa nambala 20 ili pompo, chasintha ndi kachilembo chabe.

Kenako ha⁻¹ ija. Kumudzi timayankhula za maekala, ndiye dzanja limayabwa kufuna kulemba "pa ekala". Hekitala imodzi ndi maekala 2.47, ndiye mukasintha liwu osasintha nambala mwachulukitsa mlingo kawiri ndi theka. Ngati mukufuna kuthandiza, siyani 20 kg P ha⁻¹ momwe ilili, pansi mulembe kuti pa ekala ndi pafupifupi 8 kg P. Amene akufuna kutsimikiza ali ndi poyambira.

Tibwere pa pH. Choyamba kalembedwe, p wamng'ono H wamkulu, ngakhale kumayambiriro kwa chiganizo. Foni ndi Word zimakonda kukonza zokha nkulemba Ph kapena PH, muzibwerera kukaona. Chachiwiri, 4.8 si 5. Anthu amati tingozungulitsa kuti isavute kutchula, koma sikelo ya pH siyenda ngati tepi yoyezera munda, kutsika ndi 1 kumatanthauza asidi wochuluka kakhumi, ndiye ka 0.2 kamene mwataya kaja ndi asidi wochuluka kuposa kamodzi ndi theka. Komanso samalani mbali imene zinthu zikupita, pH ikatsika ndiye kuti asidi wakwera, ndaonapo zomasulira zimene zinatembenuza zimenezi nkumati laimu amatsitsa pH pomwe amaikweza.

Nanga (CaCl₂) ija mu mabulaketi, ambiri amaichotsa poganiza kuti ndi zokongoletsa. Imeneyo ikutiuza madzi amene dothi analisungunuliramo poyeza. Dothi lomwelo mukaliyeza m'madzi wamba, amene amalemba pH (H₂O), kawirikawiri nambala imatuluka yokwererapo, mwina ndi theka kapena kuposerapo pang'ono. Tsono pali malire amene timayang'ana, pH ya m'madzi ikatsika kupitirira 5.5 aluminiyamu, Al³⁺, amayamba kusungunuka nkumapsereza nsonga za mizu komanso fosifolasi amagwidwa osapezeka ku mbewu. Mlangizi akawerenga 4.8 yopanda bulaketi aganiza kuti ndi ya m'madzi, aona ngati munda wafa kale, alamula laimu wambiri kuposa wofunika. Chimodzimodzi Mehlich-3, limenelo ndi dzina la njira yotulutsira P mu dothi, ndipo 9 mg kg⁻¹ ya Mehlich-3 siyofanana ndi 9 ya Olsen kapena ya Bray-1. Dzina la njira liziyenda limodzi ndi nambala yake.

Ka ± 0.2 kasiyeni. Pena kamaimira kumwazikana kwa zitsanzo, pena kukayikitsa kwa avereji, ndipo ngati chidule sichinanene kuti ndi chiti, inu musawasankhire.

Mwaona kuti mu chitsanzo chathu P akupezeka katatu koma wachitatuyo ndi wina? Mu (P < 0.05) mulibe fosifolasi olo pang'ono, ameneyo ndi P wa masamu, akunena kuti kusiyana kwa 1.1 ndi 1.6 nkovuta kuti kungochitika mwamwayi pakanakhala kuti feteleza sanachite kanthu. Ndinaonapo pepala lina litalembedwa kuti fosifolasi anali wochepera 0.05, ndinangogwira pakamwa. Ndiponso chizindikirochi sichikunena kuti zokolola zinakwera "kwambiri", kukula kwa phindu mukuona pa manambala a matani aja, musawonjezere mawu okometsera. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono nazo ndi nkhani, Mg ndi maginiziyamu pomwe mg ndi miligalamu, N ndi naitirojeni pomwe n kawirikawiri ndi chiwerengero cha zitsanzo. K ndi potaziyamu, ndipo kwa ife kuno K akatsogola nambala maso amawerenga makwacha, ndiye chiganizo musachipange moti K agundane ndi nambala kutsogolo kwake.

Chichewa chathu chimati makilogalamu 20, dzina patsogolo nambala pambuyo, pomwe chizindikiro chimati 20 kg. Zonse nzabwino koma sankhani chimodzi pa malo amodzi. Mu chidule ndimasiya 20 kg, mu ndime yofotokozera ndimalemba makilo 20. Zosakaniza ngati "ma kg 20 ha⁻¹" ayi.

Mayina a Chilatini anthu amadabwa kuti bwanji osangoti soya basi. Pa soya palibe vuto kwenikweni, koma taonani khobwe ndi nzama, khobwe ndi Vigna unguiculata, nzama ndi Vigna subterranea, dzina loyamba limodzi, ndiye mukadula lachiwiri simudziwanso mbewu yake. Tefulosiya amene alimi amadzala kuti abwezeretse chonde alipo Tephrosia vogelii alipo Tephrosia candida, ife tonse timangoti tefulosiya, koma wofufuza anayesa mmodzi. Ndiye dzina la kwathu lizitsogola, la Chilatini lizitsatira pomwepo koyamba kutchula, pambuyo pake mutha kumangoti khobwe. Ngati simukutsimikiza dzina la Chichewa la chomeracho, lembani "mtengo wa" kapena "udzu wa" kenako la Chilatini, kusiyana nkuchipatsa dzina la chinzake chofanana nacho masamba.

Kalembedwe kake, liwu loyamba chilembo chachikulu, lachiwiri chaching'ono, onse opendekeka, Faidherbia albida umene ndi msangu wathu uja, osati Faidherbia Albida, osatinso kuliika mu sipelo ya Chichewa ngati mmene tachitira ndi fosifolasi. Fosifolasi ndi liwu lobwereka, lalowa mchilankhulo, koma dzina la Chilatini ndi limene munthu akalitayipe pofufuza, likasintha chilembo sapeza kanthu. (L.) Merr. ija ndi chidule cha mayina a akatswiri amene anatcha chomeracho, L. ndi Linnaeus, ndipo mbali imeneyi siipendekeka. Ofufuza akafupikitsa nkulemba G. max, inunso siyani choncho.

Mukamaliza, ikani Chingerezi ndi Chichewa pambalipambali, mnzanu aziwerenga mokweza manambala ndi zizindikiro zokhazokha za mu Chingerezi inu mukuchonga mu Chichewa, kuphatikiza madontho ndi timizere. Kenako mudzitumizire nokha pa foni muone mmene zafikira, chifukwa ka ⁻¹ kamene kali pamwamba kamatha kugwa nkukhala kg-1 ngati kuchotsera, ₂ wa CaCl₂ amatha kusanduka kabokosi pa mafoni ena, ndipo kupendekeka kwa mayina kumatha mukamata pa WhatsApp pokhapokha mutaika timizere tapansi uku ndi uku, chonchi `_Glycine max_`. Ine ndimangotumiza PDF, kapena chithunzi ngati gulu lake ndi la anthu a mabando ochepa.