Mtengo wa m'malire si umboni wathunthu

“Ine ndi amene ndinabzala mtengo wa mango wa m'malire mwa munda wathu. Kodi zimenezi sizikutanthauza kuti malowo ndi anga?”

Ayi, mtengo pawokha sutha mlandu. Anthu amabzala mitengo ngakhale pa malo obwereka, ndipo mizere imasuntha: mnansi akamadya mzere umodzi chaka chilichonse, pakatha zaka 10 malire amakhala atalowa mamita angapo m'munda mwanu.

Pa malo a makolo, mkangano umayambira kwa a nyakwawa, kenako kwa a gulupu ndi a T/A. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsanso mabwalo apadera oweruza milandu yotere. Oweruza amapita pamalopo, kufunsa amene analipo pogawa malo, ndi kuona zizindikiro zosasuntha monga chulu, mwala waukulu kapena khwawa. Tiyerekeze kuti awiri akukanganirana mizere 6. Wina akuloza mango, mnzake akubweretsa akuluakulu awiri amene anaona mfumu ikuloza chulu ngati malire, ndiponso anansi ovomereza kuti iye walima mpaka pachulupo kuyambira kale. Wa mango uja amagonja, chifukwa mtengo ukungosonyeza amene anaubzala, osati amene anapatsidwa malo.

Pa malo a lizi nkhani ndi ina. Khoti limayang'ana mapu a malowo ndi mabikoni a simenti amene oyeza malo anakhazika. Bikoni ikazulidwa, woyeza wovomerezeka amayezanso potsata mapuwo. Musaizule kapena kuisuntha nokha, ndi mlandu umenewo.