Sikelo ya chaka chatha siyeza mankhwala a lero

Mawu amene ndatopa nawo kuno ku Kasungu ndi awa: "Adokotala, musavutike kundiyeza, zalembedwa kale m'bukumo." Bukulo ukalitsegula upeza kuti munthuyo anakwera sikelo komaliza fodya asanawokeredwe. Ena amabwera ndi mkwiyo kuchokera ku Lilongwe, akuti mnzawo wodwala khansa yomweyo wapatsidwa mankhwala ochuluka m'diripi, iwo awamana. Palibe wakumanani, abale anga. Mankhwala ambiri a khansa sayezedwa mofanana kwa aliyense ngati panado wa akulu. Amayezedwa potengera kukula kwa khungu lonse lokuta thupi lanu, m'masikweya mita.

Mufunsa kuti khungu lalowapo bwanji. Munthu wolemera kawiri kuposa mnzake sakhala ndi impso kapena chiwindi chogwira ntchito kawiri. Mmene mtima umapopera magazi ndi mmene impso zimasefera zimayendera limodzi ndi kukula kwa khungu kusiyana ndi makilogalamu okha. Pa mankhwala wamba kusiyanako kulibe kanthu. Koma mankhwala a khansa, mlingo wochiza ndi mlingo wovulaza zayandikana kwambiri.

Sitisenda munthu kuti timuyeze ayi. Kukula kwa khunguko, kumene mwachidule timati BSA, timakuwerengera kuchokera ku msinkhu ndi kulemera. Njira yakale ndi ya Du Bois ya 1916, imene anaipeza atayeza anthu 9 okha. Ambirife timagwiritsa ya Mosteller ya 1987 chifukwa imatheka ngakhale pa foni ya mabatani ikakhala ndi sikweya ruti:

```
BSA (m²) = √(cm × kg ÷ 3600)
```

Bambo wina mlimi wa fodya, amene sindimuiwala, anapezeka ndi khansa ya Kaposi, ija ya mabala akuda m'miyendo. Msinkhu masentimita 170, kulemera makilogalamu 72. Chulukitsani ziwirizi, mupeza 12,240. Gawani ndi 3600, yankho 3.4, ndipo sikweya ruti yake ndi 1.84. Mankhwala a pakilitakiselo pa khansa imeneyi nthawi zambiri amaperekedwa mamiligalamu 100 pa sikweya mita iliyonse, ndiye iye akanalandira 184.

Sanapite kukalandira mankhwalawo. Achibale anamutengera kwa munthu wina wogulitsa madzi a m'zigubu, amene anati mabalawo ndi zoponda, ndipo anamutema mphini pamiyendo yotupa kale. Anamwa zotsegula m'mimba mpaka mvula inatha. Pobwerera kwa ife anali makilogalamu 54, lamba ataboola mabowo ena awiri ndi msomali. Bwerezani masamu aja: 170 kuchulukitsa 54 ndi 9,180, kugawa ndi 3600 ndi 2.55, sikweya ruti 1.60. Mlingo wake tsopano ndi 160.

Taonani bwino apa. Thupi latsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, koma mankhwala atsika ndi mamiligalamu 24 okha. Ndiye musamadziwerengere nokha kuti poti ndaonda chonchi andichepetsere mwakuti. Komanso 24 ameneyo si wochepa. Mkazi wa bambo uja anaumirira kuti tilembe za m'buku zakale zija, poganiza kuti mankhwala ambiri ndiwo achize msanga. Munthu wofooka chotere ukamuonjezera, maselo oyera a m'magazi amagwa kwambiri, m'kamwa mumatuluka zilonda, zala za m'manja ndi m'mapazi zimachita dzanzi, ndipo matenda aang'ono angathe kumutenga. N'chifukwa chake timayezanso sikelo ulendo uliwonse, ndipo kulemera kukasintha ndi gawo limodzi mwa magawo khumi timawerengeranso.

Chimene chimandiwawabe n'chakuti ngakhale 54 uja sanali woona. Miyendo inali itadzaza madzi, ndipo sikelo siisiyanitsa madzi ndi mnofu. Masamuwa ndi kuyerekeza chabe. Sadziwa ngati chiwindi chaonongeka ndi zitsamba, n'chifukwa chake magazi amayezedwa kaye diripi isanaikidwe, ndipo mukabisa zimene mwakhala mukumwa mukunamiza thupi lanu lomwe. Mankhwala ena ali ndi malire: vinkirisitini nthawi zambiri sapitirira mamiligalamu awiri, kaya munthu ndi wamkulu bwanji.

Tsono wina akakuuzani kuti ali ndi jakisoni wa khansa kunyumba kwake, botolo limodzi aliyense, popanda sikelo, popanda choyezera msinkhu, popanda kuyeza magazi, thawani. Ndipo inu amene mwayamba kale kulandira mankhwala, thupi likatentha kufika madigiri 38 kapena mukayamba kunjenjemera, makamaka sabata yoyamba ndi yachiwiri chilandirireni diripi, musamwe panado n'kugona, musadikire kuti kuche kapena kuti tsiku la msika lifike mupezere galimoto. Pitani kuchipatala chapafupi usiku womwewo, buku lili m'manja, ndipo mukangofika nenani pakhomo pomwe kuti muli pa mankhwala a khansa.