Katoni yaulere ija amalipira ndani?

Pamsika wa Kamwendo mayi wogula tomato sachoka asanapemphe kuti amuikireko pulayizi, ndipo wogulitsa wochenjera amakhala atasungiratu tomato ting'onoting'ono pambali. Imeneyi ndi pulomoshoni ndithu, ngakhale palibe amene amaitchula choncho. Ikachoka pa mulu wa tomato n'kufika pa katundu wokhala ndi dzina, monga sopo, mafuta ophikira kapena chiponde cha m'botolo, masamu ake amasintha, ndipo ndaona anthu ambiri opanga katundu kuno ku Mchinji akusangalalira mwezi umene kwenikweni unawadyera ndalama.

Pulomoshoni ili mitundu iwiri, kutengera amene mukumukopa. Ina imalunjika kwa wogula weniweni, uja akadye chipondecho kunyumba: kutsitsa mtengo, kumata kasupuni pabotolo, kulawitsa, mpikisano. Ina imalunjika kwa amalonda a pakati, opikulitsa ndi eni magolosale: katoni yaulere akaoda makatoni angapo, kuwatsitsira mtengo woodera, kuwapatsa nthawi yaitali yolipirira, kapena kuwalipira kuti aike katundu wanu poonekera. Yachiwiriyi wogula saiona n'komwe, koma ndi imene imameza ndalama zambiri mwakachetechete, choncho ndiyambira pamenepo.

Tiyerekeze gulu la alimi lomwe limagaya mtedza wawo n'kupanga chiponde. Manambala awa ndi ongoyerekeza kuti tiwerengere limodzi. Katoni ili ndi mabotolo 12. Amaigulitsa kwa opikulitsa pa K36,000, pomwe kuti ipangidwe, kuwerengera mtedza, mabotolo, magetsi, antchito ndi mayendedwe, imadya K26,400. Phindu pa katoni ndi K9,600. Mwezi uliwonse amatulutsa makatoni 100, ndiye kuti phindu la mwezi ndi K960,000.

Ndiye wogulitsa wawo wabwera ndi nzeru: aliyense wooda makatoni 10 alandire imodzi ulere, kwa mwezi umodzi. Opikulitsa a pa Boma, a ku Kapiri ndi a ku Mkanda alumphira. Mwezi umenewo alipira makatoni 200, ndipo 20 apita ulere. Phindu la makatoni 200 ndi K1,920,000. Tichotsepo mtengo wopangira makatoni 20 aulere aja, K528,000, patsala K1,392,000. Komiti ikumana, manja aombedwa, wogulitsa uja ayamikiridwa.

Funso limene palibe wafunsa pamsonkhanopo ndi lakuti: kodi mabanja a ku Mchinji ayamba kudya chiponde chochuluka kawiri? Iwo sanamve n'komwe kuti kuli pulomoshoni. Mtengo wa pashelefu sunasinthe, chifukwa wopikulitsa waika katoni yaulere ija m'thumba mwake, ndipo sitingamudzudzule, nayenso ali pa bizinesi. Chimene wachita n'kuguliratu katundu wa mwezi wamawa pa mtengo wotsika wa lero. Makatoni achoka mosungira katundu mwa gulu n'kukaunjikana kuseri kwa sitolo yake basi.

Mwezi wachiwiri foni siilira. Aoda makatoni 10 okha. Mwezi wachitatu aoda 80. Tikaphatikiza miyezi itatuyo, makatoni olipiridwa ndi 290, aulere 20, ndipo phindu lonse ndi K2,256,000. Pakanapanda pulomoshoni, makatoni 300 akanabweretsa K2,880,000. Gulu lataya K624,000 pofuna kutulutsa makatoni 10 okha oonjezera. Chomvetsa chisoni n'chakuti mwezi wachiwiri ukavuta, komiti imaloza kwina: mvula, kusowa kwa ndalama m'matumba mwa anthu, kapena opikisana nawo. Mankhwala amene amawaganizira ndi pulomoshoni ina.

Pali mabala ena awiri osaoneka m'buku la ndalama. Chiponde chikakhalitsa kuseri kwa sitolo kotentha, mafuta amayandama pamwamba, pansi n'kuuma gwa, tsiku lothera mphamvu n'kuyandikira. Mayi amene adzagule botolo limenelo sadzanena kuti wopikulitsa anasunga molakwika. Adzanena kuti chiponde cha dzina lakutilakuti n'choipa. Bala lina ndi lakuti wopikulitsa amene wadzaza katundu wotchipa amatha kukamugulitsa ku Namitete kapena ku Lilongwe pa mtengo wotsika kuposa wanu, n'kukulandani makasitomala amene mumawagulitsa pa mtengo wathunthu. Mumapezeka mukupikisana ndi katundu wanu yemwe.

Bwanji nanga titsitsire wogula mwachindunji? Apa pali msampha wa masamu womwe umakola ngakhale anthu ophunzira. Botolo limene gulu limagulitsa K3,000 limadya K2,200, phindu K800. Kuchotsapo K400 kumaoneka ngati kochepa poyerekeza ndi K3,000. Koma ndalamayo simuichotsa pa mtengo wa mtedza kapena wa botolo, mukuichotsa pa phindu, ndipo phindulo latsika ndi theka. Kuti mupeze ndalama zomwe mumapeza kale, muyenera kugulitsa mabotolo awiri pomwe mumagulitsa limodzi. Musanatsitse mtengo uliwonse, gawani phindu lakale ndi phindu latsopano. Yankho lake likuuzani kuti malonda anu ayenera kuchuluka kangati kungoti mubwerere pomwe munali.

Wina adzati, inde tataya lero, koma tapeza makasitomala atsopano. Nkhani imeneyi inafufuzidwapo. Mu 1994 katswiri wa za malonda Andrew Ehrenberg ndi anzake awiri, Kathy Hammond ndi Gerald Goodhardt, anaunika mapulomoshoni otsitsa mtengo a katundu wa m'magolosale m'maiko angapo. Anapeza kuti ambiri mwa ogula pa nthawi ya pulomoshoni anali anthu oti anagulapo kale katunduyo, ndipo pulomoshoni ikatha malonda ankabwerera pomwe anali. Mwachidule, mumatsitsira anthu amene akanagula ndi kale. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene ndimaona m'magolosale: munthu amene sadziwa chiponde chanu sachitenga chifukwa chatsika ndi K400, poti sadziwa n'komwe kuti chinali pa zingati.

Choopsa kwambiri chimabwera mukabwereza. Wogula aliyense amasunga m'mutu mtengo umene amauona ngati woyenera pa katundu wina wake. Mukatsitsa kamodzi pachaka, amati wachita mwayi. Mukatsitsa kumapeto kwa mwezi uliwonse, mtengo wotsikawo ndiwo umakhala weniweni m'mutu mwake, ndipo masiku ena onse amaona ngati mukumubera. Amaphunzira kudikira. Wopikulitsa amaphunzira msanga kuposa pamenepo: akangozindikira kuti wogulitsa wanu amapanikizika mwezi ukamatha, saodanso pa 10, amadikira pa 28 kuti mubwere mukupempha. Kafukufuku wina wa mu 1997, wa Carl Mela, Sunil Gupta ndi Donald Lehmann, anatsatira ogula kwa zaka zingapo n'kupeza zomwezi, kuti kutsitsa mitengo pafupipafupi kumachititsa anthu kuyang'ana kwambiri mtengo posankha, pomwe kutsatsa malonda kumachepetsa khalidweli.

Ndipo kusiya chizolowezicho kumawawa. Ku America, sitolo zazikulu za J.C. Penney zinaganiza mu 2012 zosiya makuponi ndi maselo a nthawi zonse n'kuika mitengo yotsika yokhazikika. Makasitomala amene anazolowera kusaka selo anathawa, malonda anatsika pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi m'chaka chimodzi, ndipo mkulu amene anabweretsa ganizolo anachotsedwa ntchito mu 2013.

Kwathu kuno pali chinanso. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inayamba kusintha pafupipafupi moti wamalonda aliyense anazindikira kuti katundu wosunga ndi ndalama yosunga. M'nyengo yotere wopikulitsa amakhala kale ndi chifukwa chodzazira sitolo. Mukamuonjezera katoni yaulere, mwamulipira kuti achite zimene amafuna kuchita yekha, ndipo inu mudzagula mabotolo ndi mtedza wa ulendo wotsatira pa mtengo wokwera.

Sindikunena kuti pulomoshoni ndi yoipa yonse. Ine ndimaikonda ikakhala ndi ntchito imodzi yodziwika. Ngati chiponde chanu n'chatsopano ku Waliranji, vuto lanu n'lakuti anthu sanachilawe, ndiye ikani tebulo pa tsiku la msika, dulani buledi, alawe. Mabotolo asanu olawitsa amadya K11,000 yokha, ndipo mtengo wanu sunakhudzidwe. Ngati vuto n'lakuti botolo lalikulu anthu salikwanitsa m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pangani kabotolo kakang'ono kokhala ndi mtengo wakewake m'malo motsitsa lalikulu. Ngati mwini golosale akukana kusunga katundu amene samudziwa, katoni yoyamba yotsika mtengo ndi yomveka, chifukwa ikukugulirani malo pashelefu amene munalibe. Ndipo ngati tsiku lothera mphamvu layandikira, tsitsani mugulitse, koma nenani chifukwa chake poyera kuti anthu asayese ndiwo mtengo watsopano. Chimodzi chokha musayerekeze: kulemba mtengo wakale wabodza kuti kutsitsako kuoneke kwakukulu. Kumeneko n'kunamiza ogula, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo otere.

Gulu lija likanafunabe kukopa opikulitsa, likanatha kusintha kapangidwe ka pulomoshoniyo. Choyamba, kuika malire: katoni yaulere iperekedwe pa makatoni opitirira amene munthuyo amaoda mwezi ndi mwezi, osati kuyambira pa katoni yoyamba. Wooda 20 nthawi zonse ayambe kuwerengeredwa pa ya 21. Chachiwiri, mphothoyo ibwere pakatha miyezi itatu, kutengera zonse zimene waoda m'miyezi itatuyo, kuti kuunjika katundu mwezi umodzi kusamupindulire kanthu.

Poyeza ngati zayenda, musawerenge makatoni otuluka pa geti lanu. Sankhani magolosale asanu kapena asanu ndi limodzi, muwerenge mabotolo amene amagulitsa pa sabata pulomoshoni isanayambe, ili m'kati, komanso masabata asanu ndi atatu itatha. Siyani dera limodzi, mwina Mkanda, lopanda pulomoshoni, kuti mukhale ndi pofanizira. Apo ayi mudzayamikira pulomoshoni pa malonda amene abwera chifukwa alimi agulitsa fodya ndi soya. Ndipo mukalowa m'golosale, tembenuzani botolo muone tsiku limene linapangidwa. Mukapeza m'mwezi wa Ogasiti pashelefu pali mabotolo a mu Meyi, mwezi wa pulomoshoni uja, ndiye kuti makatoni 220 aja sanathebe kudyedwa.